Ziphuphu zakumaso: chochita pa masabata 12, ndi nthawi yosiya kudzithandiza nokha

Musanagule mafuta alionse, imani pagalasi m'mawa nkhope ili yosamba komanso yosadzola, pafupi ndi windo pomwe pali kuwala, ndipo muone bwino zomwe zili pakhungu lanu. Anthu ambiri amadumpha gawo limeneli, amangoti "ndatuluka ziphuphu" n'kuthamangira kumsika. Komatu ziphuphu zili mitundumitundu, ndipo mtundu wake ndi umene umanena ngati mungathe kudzithandiza nokha pakhomo kapena muyenera kutenga buku lakuchipatala.

Pali tiziphuphu ting'onoting'ono tosapweteka, tina tamitu yakuda, tina tamitu yoyera, tomwe timachititsa chipumi kukhala chokhakhala mukachisisita. Pali zina zotukusira, zopweteka pang'ono mukazikhudza, zomwe nthawi zina zimakhala ndi mafinya pamwamba. Ndiye pali zikuluzikulu zamkati, zolimba, zopanda mutu, zomwe zimapweteka ngakhale osazigwira ndipo zimatha masabata zisanaphwe. Mitundu iwiri yoyambayo mungayambe nayo nokha. Mtundu wachitatuwo ndi wa kuchipatala kuyambira tsiku loyamba, chifukwa ndi umene umaononga khungu mkati n'kusiya maenje.

Muonenso zomwe ziphuphu zakale zinasiya. Yendetsani chala pamalopo mutatsinzina. Ngati pali dontho lakuda koma khungu ndi losalala, limenelo si chipsera chenicheni. Khungu lakuda ngati lathuli likatupa limapanga mtundu wochuluka pamalopo, ndipo dontholo limazimiririka lokha, kawirikawiri pakapita miyezi 6 mpaka 12, ngakhale ena amachedwerapo kuposa apo. Koma chala chikagwera m'kadzenje, kapena chikakwera pa kachotupa kolimba konyezimira, chimenecho ndi chipsera, ndipo palibe mafuta odzola omwe angachifafanize. Malangizo onse otsatirawa cholinga chake n'choti musafike pamenepo.

Za wachinyamata ndi za munthu wamkulu zimasiyana pati

Chiphuphu chimayambira m'kabowo komwe mumamera ubweya. M'kabowomo mumathira kachiwalo kotulutsa mafuta ofewetsa khungu. Mafutawo akachuluka n'kusakanikirana ndi khungu lakufa, kabowoko kamatsekeka. Kakatsekeka koma kukamwa kwake kuli kotseguka, pamwamba pake pamada chifukwa cha mpweya, osati litsiro, n'chifukwa chake kukwecha sikuchotsa mitu yakuda ija. Mabakiteriya omwe amakhala pakhungu la munthu aliyense amaswana m'mafuta otsekeredwawo, thupi n'kuyamba kulimbana nawo, ndiye pamatupa. Zonsezi zimatenga masabata angapo zikuchitikira mkati, inu musanaone kanthu.

Mwana akamatha msinkhu, mahomoni amachititsa kuti mafuta aja azituluka ambiri. N'chifukwa chake mnyamata kapena mtsikana wa ku sekondale nkhope imanyezimira pofika nthawi ya buleki, ndipo ziphuphu zimadzaza pachipumi, pamphuno, m'masaya, nthawi zina pachifuwa ndi kumsana. Mitu yakuda ndi yoyera imakhala yambiri. Anyamata ndi amene kawirikawiri zimawavuta kwambiri, makamaka kumsana, ndipo ndi amene sanena kanthu mpaka zipsera zitakhazikika. Kwa ambiri zimachepa akamadutsa zaka 20. Mawu oti "zidzatha zokha, ndi kukula kumeneko" ali ndi choonadi chake, koma makolo amawanena ngakhale pamene mwana wayamba kale kukumbika masaya, ndipo pamenepo kudikira kumangoonjezera zipsera.

Za akuluakulu, a zaka zopitirira 25, zimagwira kwambiri amayi kusiyana ndi abambo. Sizichuluka ngati za ana, koma zimakonda m'munsi mwa nkhope: pachibwano, m'mbali mwa nsagwada, mpaka m'khosi. Zimakhala zamkati, zopweteka, zimabwerera pamalo omwewo, ndipo amayi ambiri amaona kuti zimabuka kutatsala sabata kuti asambe. Khungu la munthu wamkulu limakhalanso louma ndipo limapsa msanga ndi mankhwala, choncho mlingo womwe mwana wa Fomu 2 aupirira bwinobwino ukhoza kusupula mayi ake.

Kusiyana kwakukulu ndi uku: kwa wachinyamata simufunika kufufuza chifukwa, chifukwa chake ndi msinkhu. Kwa wamkulu funsani kuti chasintha n'chiyani. Jakisoni wolera wa miyezi itatu ndi kachipangizo kolerera kapamkono zimatulutsa ziphuphu mwa amayi ena. Kuyembekezera kumatero. Mapiritsi a puredinisoloni, mankhwala ena a khunyu, ndi amodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu amateronso. Ndipo mayi amene ziphuphu zake zabwera limodzi ndi msambo wodumphadumpha, ndevu pachibwano ndi kunenepa, akhoza kukhala ndi vuto la mahomoni lochokera m'mabasiketi a mazira, lomwe mafuta odzola okha sangalithetse.

Zoti ziphuphu ndi magazi oipa, kapena kuti mnyamata akufunika mkazi, n'zonama, ndipo zachiwirizo zasocheretsa achinyamata ambiri. Nsawawa nazonso zimangonamiziridwa. Pa zakudya, zomwe zimaonjezera ziphuphu mwa anthu ena ndi shuga wambiri, zakumwa zotsekemera, ndi mkaka, koma kusala zimenezi pakokha sikuchiritsa.

Choyamba, chotsani

Musanaonjezere kalikonse, sonkhanitsani zonse zomwe mumapaka kumaso ndi kumutu, muziike pabedi, ndipo muwerenge timawu tating'ono tolembedwa kumbuyo kwake.

Zotaya popanda kukambirana ndi izi: mankhwala otsukira mano, mandimu, soda, adyo, phulusa, sipiriti. Zonsezi zimaotcha khungu, ndipo pa khungu lakuda malo opsa amasanduka dontho lakuda loposa lomwe chiphuphu chikadasiya. Chinkhupule ndi kansalu kokwechera zisafike kumaso, sopo wochapira zovala nayenso ayi. Mafuta olemera monga vaselini, mafuta a koko ndi mafuta a tsitsi asamapakidwe pomwe pali ziphuphu. Ndikudziwa kuti mu Juni ndi Julaye muno mu Lilongwe, kuzizira ndi fumbi zikamatuwitsa, munthu amafuna kudzola zolemera thupi lonse. Dzolani m'miyendo ndi m'mikono, nkhope ipatseni zake zopepuka. Ngati tiziphuphu tanu tandanda m'malire mwa tsitsi ndi pachipumi pokha, ganizirani mafuta ndi jelo wa tsitsi, ndi duku kapena chipewa chomwe chamwa mafutawo.

Koma chachikulu pa zonse ndi mafuta oyeretsa khungu, kuphatikizapo timachubu tomwe amagulitsa m'misika ndi m'masaluni ponena kuti "amachotsa ziphuphu masiku atatu", ndi osakaniza omwe amabwera m'kabotolo kopanda dzina. Ambiri mwa amenewa muli mankhwala amphamvu a gulu la siteroidi, monga betametazoni ndi kilobetazo, ndipo ena muli mankhwala oyeretsa khungu otchedwa haidirokwinoni. Wogulitsa sanama kwenikweni akamati masiku atatu. Siteroidi amaphwetsa kutupa msanga, nkhope imasalala n'kuyera, anzanu kuntchito n'kuyamba kufunsa chomwe mukudzola. Pakapita masabata kapena miyezi, mankhwala omwewo amayamba kutulutsa ziphuphu zawozawo. Mungazizindikire chifukwa zimakhala zofanana kukula, zambiri, zotuluka nthawi imodzi. Khungu limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera m'masaya, dzuwa limaotcha mopweteka, ubweya umamera kumaso, ndipo nkhope imayera pomwe mfundo za zala ndi makutu zili zakuda. Mukayesa kusiya, nkhope imanyeka, kufiira ndi kutuluka ziphuphu zoposa kale, inu n'kuganiza kuti mafuta aja ndi amene amakuthandizani, n'kukagulanso. Anthu amazungulira motere zaka.

Ngati mwangodzola masiku ochepa, siyani lero. Ngati mwadzola miyezi, tengani chubucho mupite nacho kuchipatala, chifukwa ena amafunika kusiya pang'onopang'ono ndi kupatsidwa mankhwala owathandiza pa masabata ovutawo. Dziwiranitu kuti nkhope iyamba yaipa isanakhale bwino, ndipo mtundu wanu weniweni ubwerera.

Kufinya ndiye ndingonena kamodzi. Mukafinya, zina zimatuluka koma zina zimaphulikira mkati, kutupa kumakula, ndipo chiphuphu chomwe chikadatha pa sabata chimasiya dontho la chaka kapena dzenje la moyo wonse. Singano, minga ndi lezala zisayandikire.

Ndondomeko ya tsiku ndi tsiku

Titenge mtsikana wa zaka 15 wa ku Area 25, wa nkhope yamafuta, chipumi chodzaza mitu yakuda ndi yoyera, ndipo m'masaya muli ziphuphu zotukusira zingapo. Alibe zamkati zija, alibe maenje. Ameneyu angathe kuyamba pakhomo, makolo ake akudziwa.

Tsiku loyamba ajambule nkhope yake pafoni, kutsogolo ndi mbali zonse ziwiri, pawindo, osasefa chithunzicho. Galasi limanamiza munthu amene amaliyang'ana tsiku lililonse, koma chithunzi chidzamuuza zoona pakapita miyezi iwiri.

Kusamba kumaso ndi kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi sopo wofatsa wopanda fungo lamphamvu, pogwiritsa ntchito zala zokha, madzi ofunda pang'ono kapena ozizira. Akachokera ku netibolo ali thukuta angathe kutsukuluzanso. Kupitirira apo n'kuputa khungu. Popukuta azingogunditsa thaulo, osakhula.

Mankhwala oyamba ndi benzoyilo perokisaidi, yemwe amapezeka m'mafamase popanda kalata ya dokotala. Amapha mabakiteriya aja, ndipo ubwino wake ndi woti mabakiteriya samuzolowera. Afunse wa 2.5% kapena 5%. Wa 10% sachiritsa kuposa amenewa, amangoumitsa ndi kusupula kwambiri, tsono asakopeke ndi nambala yaikulu. Sabata yoyamba apake pang'ono, mopyapyala, tsiku limodzi n'kudumpha limodzi. Khungu likapanda kudandaula, ayambe tsiku lililonse. Ngati likuotcha kwambiri, apake, adikire theka la ola, asambe, kenako n'kumatalikitsa nthawiyo masiku akamapita. Azipewa m'maso, pamilomo ndi m'makona a mphuno. Mankhwalawa amasukulutsa nsalu: kolala ya yunifolomu, thaulo ndi pilo zimachita mawanga oyera osachoka. Azisamba m'manja akapaka, adikire kuti ziume asanavale, ndipo pilo aziyalapo chitenje chakale.

Apa pali mfundo yomwe ambiri amaphonya. Mankhwala sapakidwa pa chiphuphu chokha ayi, amapakidwa pamalo ponse pomwe ziphuphu zimatuluka, chipumi chonse, tsaya lonse. Chiphuphu chomwe chikuoneka lero chinayamba kalekale ndipo chitha chokha. Ntchito ya mankhwala ndi kutsekereza zomwe zikukonzekera kutuluka mwezi wamawa.

Pakatha masabata awiri khungu litazolowera, aonjezere mankhwala achiwiri, adapalini wa 0.1%, usiku. Ameneyu ndi amene amatsegula timabowo totsekeka, choncho ndi wofunika kwambiri kwa munthu wa mitu yakuda ndi yoyera, ndipo amathandizanso madontho kuzimiririka. Wa ku famase kapena dokotala amuuze ngati akumuyenera. Mlingo wa nkhope yonse ndi kadontho kofanana ndi njere ya nandolo. Akasamba adikire kuti khungu liume bwinobwino, agawe kadonthoko pachipumi, m'masaya ndi pachibwano, n'kufalitsa. Ayambe ndi kawiri kapena katatu pa sabata, kenako usiku uliwonse ngati khungu lalola. Zikatere ndondomeko yake yakwana: benzoyilo m'mawa, adapalini usiku.

Pamwamba pa mankhwala apake loshoni wopepuka, wosanona, makamaka wolembedwa kuti satseka timabowo ta khungu. Ena amakana loshoni poganiza kuti nkhope yamafuta siyifuna, koma ndi amene amathandiza kuti munthu apirire mankhwala n'kufika nawo kumapeto. Masana adziteteze kudzuwa, chifukwa dzuwa limadetsa madontho ndipo adapalini amachititsa khungu kupsa msanga. Mafuta oteteza kudzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa ndi abwino, koma ndi odula, ndipo ndalama zikavuta chipewa cha mlomo waukulu kapena ambulera zimathandiza, makamaka mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo. Ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, chikhale benzoyilo perokisaidi.

Masabata awiri kapena anayi oyambirira ndi pomwe anthu ambiri amagonjera. Khungu limauma, limasupuka pang'ono m'mbali mwa pakamwa, ndipo ziphuphu zikhoza kuoneka ngati zachuluka. Mayi ake akhoza kunena kuti, "Iwe, mankhwala akowa akukuononga, tabwerera ku mafuta aja anakupatsa azakhali ako." Kuuma ndi kusupuka pang'ono si chifukwa chosiyira. Achepetse masiku opaka, aonjezere loshoni, apitirize. Koma nkhope ikatupa, maso kutupa, kutuluka matuza kapena kuyabwa kosapiririka, thupi lawakana mankhwalawo, asiye ndipo apite kuchipatala. Osakakamira kuotcha kwa tsiku ndi tsiku poganiza kuti ndiye kugwira ntchito kwake, chifukwa khungu lakuda likapsa limada.

Pa sabata ya 6 kapena ya 8 ajambulenso pawindo lomwe lija. Chomwe akuyang'ana si nkhope yosalala, koma ngati ziphuphu zatsopano zachepa. Madontho adzakhala adakalipo, amenewo amachoka pomalizira. Pa sabata ya 12 ndi pogamula. Ngati zachepa kwambiri, apitirize, makamaka adapalini usiku, chifukwa akasiyiratu zimabwerera msinkhu wake usanadutse. Ngati palibe kusintha, kapena zikuipiraipira, asayambe kusinthasintha mafuta. Apite kuchipatala ndi zithunzi zake.

Munthu wamkulu asinthe pati

Tsopano titenge mayi wa zaka 32, wogwira ntchito mu ofesi ku City Centre, yemwe sanavutikepo ndi ziphuphu ali mtsikana, koma patapita miyezi ingapo chiyambireni jakisoni wolera zayamba kutuluka m'nsagwada, zopweteka, chilichonse chikusiya dontho lakuda. Akuziphimba ndi zodzoladzola zokhuthala, ndipo mnzake wamupatsa kachubu koyeretsa.

Maziko ndi omwe aja, koma iyeyu ayende mofatsa. Kachubuko akasiye. Zodzoladzola azichotsa usiku uliwonse asanagone, ngakhale atatopa bwanji. Benzoyilo akhale wa 2.5%, ndipo adapalini ayambe kawiri pa sabata, atayamba wapaka loshoni pansi. Asanagule adapalini adzifunse ngati ali ndi pakati kapena akufuna kutenga pakati posachedwa, chifukwa woyembekezera saloledwa mankhwala a gulu limeneli. M'malo mwake pali azelaiki asidi wa 15% kapena 20%, yemwe amaloledwa kwa oyembekezera ndipo amathandiza pa ziphuphu ndi madontho omwe. Kwa amayi akhungu lakuda omwe chikuwapweteka mtima kwambiri ndi madontho, ine ndimaona kuti ameneyu ndi woyenera kumufunafuna ngakhale atavuta kupeza.

Jakisoni asangosiya mwakachetechete. Abwerere kwa anamwino a zakulera akafotokoze kuti, "Amayi, chiyambireni jakisoni nkhope yanga yatere, kodi pali njira ina?" Mapiritsi olera a mahomoni awiri amachepetsa ziphuphu mwa amayi ambiri, ngakhale amatenga miyezi itatu kapena kuposa kuti zioneke, koma sayenera aliyense: wa kuthamanga kwa magazi, wosuta wa zaka zopitirira 35, wodwala mutu waching'alang'ala wobwera ndi zizindikiro m'maso, kapena amene magazi anamuundanapo m'mitsempha. Lupu ya kopa ilibe mahomoni. Kusankha kumeneku n'kwa iye ndi anamwino. Chimodzimodzi amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena a khunyu: osasiya chifukwa cha ziphuphu, kauzeni amene anakupatsani.

Abambo achenjere ndi chinthu china chofanana ndi ziphuphu. Totupa tomwe timatuluka m'ndevu ndi m'khosi mukameta ndi ubweya wopotana womwe wabwerera n'kubaya khungu. Mankhwala ake oyamba ndi kusiya lezala, kumeta ndi makina osafika pakhungu, kapena kuzisiya ndevu zikule kwa mwezi. Totupa tolimba ta pankhongo, tomwe timayamba mwa anyamata ometa mpala pafupipafupi, timatha kulumikizana n'kukhala chipsera chimodzi chachikulu, tsono tionetseni kuchipatala tikadali tating'ono.

Nthawi yopita kuchipatala

Kuchuluka kwa ziphuphu si muyeso wabwino. Munthu akhoza kukhala ndi tiziphuphu todzaza chipumi osatsala ndi chipsera ngakhale chimodzi, wina n'kukhala ndi zitatu zokha zamkati n'kukumbika tsaya. Musadikire masabata 12 aja ngati muli ndi zotupa zamkati zopweteka, ngati mwapeza kale kadzenje kapena chipsera chotukuka ngakhale chimodzi, kapena ngati msana ndi chifuwa zadzaza. Amene thupi lake limapanga zipsera zokula, monga amene anatuluka chotupa cholimba pakhutu ataboola ndolo, kapena kwawo zilipo, afulumire kuposa wina aliyense, chifukwa chiphuphu chimodzi cha pachifuwa, paphewa kapena pansagwada chingathe kusanduka chotupa chotero.

Pitaninso ngati ndinu woyembekezera, ngati msambo wasokonekera ndipo ndevu zikumera, ngati ziphuphu zabuka mwadzidzidzi mutayamba mankhwala ena, kapena ngati zatuluka pa mwana wa pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 7, msinkhu womwe siziyenera kuoneka. Totupa toyabwa kwambiri, makamaka tofika m'mikono ndi m'miyendo, kawirikawiri si ziphuphu wamba, ndipo adokotala akakupemphani kuyezetsa magazi, kuphatikizapo HIV, musakhumudwe, akufuna apeze gwero. Mwana amene wayamba kujomba kusukulu, kudzitsekera m'chipinda kapena kukana kujambulidwa chifukwa cha nkhope yake, chimenecho pachokha n'chifukwa chokwanira chopitira naye. Ndipo pali za tsiku lomwelo: ziphuphu zosanduka zilonda limodzi ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo, kapena chiphuphu cha pafupi ndi mphuno chomwe chafinyidwa ndipo kutupa kukufalikira kudiso.

Muno mu Lilongwe yambirani pachipatala chapafupi, monga cha ku Area 18, Area 25, Kawale kapena ku Bwaila. Zikafunika akatswiri a khungu, amakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Tengani buku lanu lakuchipatala, zithunzi zija, ndi chilichonse chomwe mwakhala mukupaka, ngakhale chomwe mukuchita nacho manyazi. Pitani nkhope ili yosadzola. Ndipo nenani mawu awa momveka: "Adokotala, zikundisiyira zipsera." Pamzere wautali, wodwala ziphuphu amaoneka ngati wopanda vuto, koma mawu amenewa amasintha chithandizo chomwe mungapatsidwe.

Pa ziphuphu zotupa zambiri, kawirikawiri amapereka dokisisaikilini, mankhwala akumwa olimbana ndi mabakiteriya, 100 mg patsiku, kwa miyezi pafupifupi itatu. Mumwereni madzi odzaza kapu, mutadya, ndipo musagone pansi mpaka patapita theka la ola, apo ayi amaotcha kummero. Musamwere limodzi ndi mkaka, mapiritsi oonjezera magazi kapena mankhwala a chilungulira, chifukwa zimamulepheretsa kulowa bwino m'thupi. Amachititsa khungu kupsa ndi dzuwa, ndipo woyembekezera ndi ana aang'ono sapatsidwa. Chofunika kwambiri n'choti mapiritsiwa amayenda limodzi ndi zopaka zija. Benzoyilo amathandiza kuti mabakiteriya asawazolowere, ndipo mapiritsi akatha zopakazo ndi zomwe zimagwira nkhope kuti isabwerere mwakale. Kugula makapisozi khumi pagolosale, kumwa, kusiya, n'kudzagulanso mwezi wamawa, sikuchiritsa ziphuphu, kumangolimbitsa mabakiteriya.

Kwa amayi a ziphuphu za m'nsagwada zosamva, dokotala angathe kuganizira mapiritsi olera aja kapena sipironolakitoni, yemwe amachepetsa mphamvu ya mahomoni pakhungu ndipo samwedwa ndi woyembekezera. Pa zamkati zikuluzikulu zomwe zikusiya zipsera pali aisotiretinoini, mankhwala amphamvu kuposa onse, omwedwa kwa miyezi ingapo moyang'aniridwa ndi katswiri wa khungu. Amaumitsa milomo kwambiri, samwedwa pamodzi ndi dokisisaikilini, ndipo amapundula mwana m'mimba, choncho mayi amayezedwa kaye ngati alibe pakati ndipo ayenera kulera mosadumphitsa asanayambe, pa nthawi yonse yomwa, ndi mwezi umodzi atamaliza. Amenewa musagule kwa munthu wobwera nawo m'chikwama kuchokera kunja, ndipo musagawireko mnzanu.

Zipsera zomwe zilipo kale zimathandizidwa pambuyo poti ziphuphu zatsopano zaleka kutuluka. Maenje amachepetsedwa ndi njira za akatswiri, zomwe ndi zodula ndipo sizibwezeretsa khungu mwakale kwathunthu. Zotupa zolimba zija amazibaya jakisoni wa tirayamusinoloni mkati mwake, kangapo, motalikitsa pafupifupi mwezi, mpaka zitafewa ndi kuphwa. Musalole wina kuzidula, kuzimanga ndi ulusi kapena kutemerapo mphini, chifukwa chotupa chotere chikangodulidwa popanda chithandizo china chimameranso, nthawi zambiri chachikulu kuposa choyamba.